Mmene tinawalitsira pabalaza pathu pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi

Mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la pa Kapichira mumtsinje wa Shire, dziko lathu linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka tinazolowera kudya chakudya chamadzulo magetsi kulibe. Kunyumba kwathu ku Zomba, yomwe ndi ya lendi, tinayamba ndi makandulo ngati mmene anachitira ena onse, kenako tinagula nyali yotchaja yaikulu yokhala ndi timababu tambirimbiri toyera, yomwe tinkaiika pamwamba pa kabati. Nyaliyo inkawala ndithu, moti singano ikagwa pansi munthu amatha kuitola, koma pabalaza panasiya kukhala malo ochezera. Nkhope za anthu zinkaoneka zotuwa, zithunzithunzi zathu zinkagwera pakhoma zakuda bii, ndipo aliyense wokhala moyang'anana nayo ankathobwa m'maso. Mayi anga atabwera kudzationa kuchokera kumudzi anangokhala tsiku limodzi, n'kunena kuti: "Mwananga, nyali yakoyi ikundipweteka mutu, ndiyatsire kandulo ndikakhale kuchipinda." Mawu amenewo ndi amene anandiyambitsa kufufuza chimene chinkalakwika, pakuti kumudzi kwathu tinakulira pa koloboyi wofuka utsi ndipo palibe tsiku limene mayi anadandaulapo za kuwala kwake.

Vuto loyamba ndinalipeza kuti linali mtundu wa kuwalako. Pabokosi la babu lililonse labwino pamalembedwa nambala yothera ndi chilembo cha K. Ikakhala 6500K, babulo limatulutsa kuwala koyera mbee kopita ku buluu, konga kwa masana dzuwa lili paliwombo, ndipo nyali zotchaja zambiri za m'misika mwathu ndi za mtundu umenewu chifukwa wogula akaziyesa masana m'sitolo zimaoneka zamphamvu. Ikakhala 2700K kapena 3000K, kuwala kwake kumapita ku chikasu ngati kwa mababu akale aja otentha, ndipo ndi kumene maso athu amakulandira bwino madzulo, chifukwa kumafanana ndi kwa moto ndi kwa dzuwa lolowa. Khungu lakuda limaoneka lamoyo pansi pa kuwala kwachikasuku, matabwa a mipando amaonetsa mtundu wake weniweni, ngakhale khoma lopakidwa laimu limasiya kuzizira. Mababu a mtundu umenewu savuta kwenikweni kuwapeza m'masitolo a zamagetsi, koma muyenera kuwafunsa ndi nambala yake, ndipo ngati wogulitsa sakuidziwa mumuuze kuti aliyatse muone nokha. Kukhitchini kokha ndi kumene ndinasiyako kuwala koyerako pang'ono, kwa 4000K, chifukwa posankha mpunga kapena poona ngati nyama yapsa m'kati, kuwala kwachikasu kumabisa zinthu.

Vuto lachiwiri linali malo amene nyaliyo inaikidwa, ndipo ili ndi limene ndimaona kuti anthu ambiri saliganizira. Tinazolowera kuti chipinda chimakhala ndi babu limodzi pakati pa siling'i, choncho magetsi akazima timafuna chinthu chimodzi champhamvu cholowa m'malo mwa babulo. Koma kuwala kochokera pamalo amodzi aang'ono, kopanda chotchinga, kumapanga mbali ziwiri zokha, kowala kwambiri ndi kwamdima kwambiri, ndipo diso limatopa ndi kusinthasintha pakati pa ziwirizi. Usiku wina ndinangoitembenuza nyali ija kuti iyang'ane kukhoma, ndipo ngakhale chipinda chinachepa kuwala pang'ono, aliyense anaona kuti mwakhala bwino, chifukwa tsopano khoma lonse ndi limene linkabweza kuwalako mofewa. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunafuna nyali imodzi yamphamvu, n'kuyamba kuganiza za nyali zingapo zazing'ono, zoikidwa m'munsi, iliyonse ndi ntchito yake.

Kuti munthu adziwe kukula kwa nyali imene akufuna, nambala yofunika ndi ya malumeni, yomwe imalembedwa kuti lm, chifukwa ndi imene imanena kuchuluka kwa kuwala, pamene mawati amangonena mphamvu imene babulo likudya. Kandulo imodzi imatulutsa malumeni pafupifupi 12. Babu lakale la mawati 60 linkatulutsa pafupifupi 800. Babu labwino la LED limapereka malumeni 80 mpaka 100 pa wati iliyonse, kutanthauza kuti kababu ka mawati 2 kamaposa makandulo khumi. Pabalaza pathu, pomwe ndi pa mamita 4 mulifupi ndi 5 mulitali, tinapeza kuti mababu awiri a mawati 2, oikidwa m'ngodya ziwiri zoyang'anana, amakwanira kucheza, kudya ndi kuona nkhope za alendo. Powerenga samakwanira, ndipo sindinayese kuwakakamiza kuti akwanire. Patebulo pomwe ana amalembera ntchito ya kusukulu ndinaikapo nyali yakeyake ya mawati 3, yolendewera pafupifupi theka la mita pamwamba pa kope. Chifukwa chake n'chakuti mukachepetsa mtunda wa pakati pa babu ndi pepala ndi theka, kuwala kofika papepalapo kumachuluka kanayi, moti kababu kakang'ono koyandikira kamaposa babu lalikulu la kusiling'i. Kwa mwana wolemba ndi dzanja lamanja nyaliyo iyenera kukhala chakumanzere kwake, kuti chithunzithunzi cha dzanja chisagwere pamene akulemba.

Ndisanafike pa sola ndinayesa kaye mababu otchaja, amene amalowa m'holda wamba ndipo amapitiriza kuyaka magetsi akazima. Mababuwa ndi abwino kwa munthu wofuna kuti nyumba yake ioneke monga mwa masiku onse, chifukwa palibe waya watsopano kapena chinthu chachilendo chooneka, koma ali ndi khalidwe lake limene wogulitsa kawirikawiri salifotokoza. M'kati mwa babulo muli kabatire, nthawi zambiri ka mtundu wotchedwa 18650, ndipo kamatchajika pokhapokha magetsi alipo komanso swichi ili yoyatsa. Ife magetsi ankabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuzimanso m'bandakucha, ndipo nthawi yonseyo swichi ya pabalaza inali yozimitsa chifukwa tinali titagona. Patatha sabata imodzi babu linayamba kuzima tisanamalize n'komwe kudya, ndipo ndinaganiza kuti ndagula chinthu chabodza, pamene zoona zake n'zakuti silinkapeza mpata wotchajika, pakuti limafuna maola ambiri, mwina asanu ndi atatu, kuti lidzaze. Ndinalisamutsira pakhonde pomwe nyali imakhala yoyaka usiku wonse, ndipo pamenepo linayamba kugwira ntchito bwino.

Khalidwe lina la mababuwa limadabwitsa anthu, ndipo ena amafika poitana wa magetsi poganiza kuti mawaya a nyumba awonongeka. Babu lotchaja liyenera kusiyanitsa pakati pa kuzima kwa magetsi ndi kuzimitsidwa kwa swichi, ndipo limachita zimenezi potumiza kamphamvu kochepa kwambiri m'mawaya. Swichi ikakhala yoyatsa, kamphamvuko kamapeza njira yozungulira kudzera m'zipangizo zina za m'nyumba, ndipo babu limadziwa kuti liyenera kuyaka ndi batire. Swichi ikakhala yozimitsa njirayo imaduka ndipo babu limazima. N'chifukwa chake mukaligwira kumunsi ndi chala chonyowa, lili m'manja, limayaka. Koma ngati swichi imodzi imayatsa mababu awiri kapena atatu, babu lotchaja likhoza kupeza njira ija kudzera mwa linzake, n'kumayakabe mwazimitsa swichi mpaka batire litatha. Tinaziona m'kakhonde ka m'kati kopita kuzipinda, momwe muli maholda awiri pa swichi imodzi. Choncho babu lotere liikeni pamene lili lokha pa swichi yake, ndipo pogula muone kaye ngati holda yanu ndi ya mapini awiri, yolembedwa B22, kapena yopotokola, yolembedwa E27. Musaliikenso m'chotchingira chagalasi chotsekeka mbali zonse, chifukwa kutentha kumaunjikana m'katimo ndipo batire la lifiyamu limakalamba msanga likamakhala pamalo otentha.

Pali nambala imodzi pabokosi la mababuwa imene imasocheretsa. Likalembedwa kuti 12W, amenewo ndi mawati amene limadya magetsi alipo, koma likamayendera batire limatsika kufika pa mawati awiri kapena atatu, ndipo kuwala kumachepa moonekeratu. Mukhoza kuwerengera nokha nthawi imene lingayake. Kabatire kolembedwa 3.7V ndi 2200mAh kamasunga mphamvu yokwana 3.7 kuchulukitsa ndi 2.2, pakuti 2200mAh ndi 2.2Ah, zomwe ndi 8Wh ndi pang'ono, kutanthauza mphamvu yoyatsa babu la wati imodzi kwa maola 8, ndipo babu lodya mawati 3 limamaliza mphamvu imeneyi maola atatu asanakwane. Palibe cholakwika ndi zimenezi ngati magetsi amazima maola awiri, koma pamene akuzima kuyambira masana mpaka usiku, babu lotchaja palokha silingakufikitseni nthawi yogona. Dziwaninso kuti batire lenileni la 18650 silipitirira kwenikweni 3500mAh, ndiye mukaona lolembedwa 9900mAh, nambalayo ndi yabodza, ndipo mukalinyamula mupeza kuti n'lopepuka poyerekeza ndi lenileni, lomwe limalemera magalamu pafupifupi 45.

Kuwerengera kumeneku ndi kumene kunandifikitsa pa sola, ndipo ndinayamba ndi pepala ndisanapite kusitolo. Ndinalemba nyali iliyonse, mawati ake ndi maola amene imayaka. Mababu awiri a pabalaza, mawati 4 onse pamodzi, kwa maola 5, amadya 20Wh. Nyali ya patebulo ya mawati 3 kwa maola 3 imadya 9Wh. Ya kukhitchini ya mawati 3 kwa maola 2 imadya 6Wh. Kababu ka wati imodzi ka m'kakhonde ka m'kati, kamene kamayaka usiku wonse kuti wopita kubafa asapunthwe, kwa maola 10 kamadya 10Wh. Zonse pamodzi ndi 45Wh pa usiku umodzi, ndipo ndinadabwa kuona kuti nyumba yonse ingawale ndi mphamvu yocheperapo poyerekeza ndi imene babu limodzi lakale la mawati 60 linkadya pa ola limodzi.

Batire ndinasankha la lifiyamu la mtundu wotchedwa LiFePO4, lolembedwa 12.8V ndi 12Ah, lomwe limasunga pafupifupi 154Wh. Popeza si bwino kulikhuthula mpaka pansi tsiku ndi tsiku, ndimawerengera kuti ndili ndi 120Wh yogwiritsa ntchito, yomwe imakwana usiku uwiri ndi theka popanda dzuwa. Batire la mtundu umenewu ndi lokwera mtengo poyerekeza ndi la asidi, koma limapirira kutchajidwa ndi kukhuthulidwa maulendo zikwi ziwiri kapena kuposerapo, ndiponso siligwira moto msanga ngati mabatire ena a lifiyamu. La asidi limafuna kuti musalitsitse kupitirira theka, ndipo anthu ambiri amaliwononga m'miyezi yochepa chifukwa choliyatsa mpaka nyali zitazima zokha. Batire la galimoto ndiye loipiratu pa ntchito imeneyi, chifukwa linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa polizira injini. Panelo ndinagula ya mawati 30. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu tingaliwerengere ngati maola 5 pa tsiku, ndipo pochotsa zotayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, ndimatenga magawo 7 pa 10 alionse, moti tsiku lowala bwino ndimakolola pafupifupi 105Wh, zomwe ndi zoposa kuwirikiza kawiri zimene timadya.

Wina angafunse chifukwa chake ndinagula panelo yoposa imene ndikufunikira, ndipo yankho lake amalidziwa aliyense wokhala ku Zomba, Thyolo kapena Mulanje. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, mitambo ndi mawawa zimatha masiku atatu kapena anayi, ndipo pa tsiku lotero panelo imapereka mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, tinene 25Wh. Pamenepo batire limaperewera 20Wh tsiku lililonse, ndipo popeza lili ndi 120Wh, limatifikitsa mpaka dzuwa litatulukanso. Miyezi yomweyi ndi imenenso dzuwa limalowa msanga, 6 koloko isanakwane, choncho nyali zimayaka nthawi yaitali pamene kukolola kuli kochepa. Amene amawerengera sola yake poona dzuwa la mu Okutobala amakhumudwa mu Julayi.

Chimene chinatsala pang'ono kusokoneza masamu onsewa ndi mafoni. Pa kontirola, kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire n'kumayang'anira katchajidwe, pali malo olowetsapo waya wa foni, ndipo mwachibadwa aliyense m'nyumba anayamba kutchajirapo, kenako ndi anansi omwe. Foni imodzi yamakono imadya 12Wh mpaka 20Wh kuti idzaze, moti mafoni atatu kapena anayi amadya mofanana ndi nyali zonse za nyumba usiku wathunthu. Madzulo ena a mu Julayi nyali zonse zinazima pamodzi cha m'ma 8 koloko, chifukwa kontirola inadula mphamvu pofuna kuteteza batire. Sitinaletse aliyense kutchaja, popeza mnansi sungamumane moto, koma tinagwirizana kuti mafoni azitchajidwa masana, kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 2 koloko, pamene batire latsala pang'ono kudzaza ndipo mphamvu ya dzuwa ikungotsala.

Pa kalumikizidwe pali zinthu zitatu zimene sindingalole munthu kuzidumpha. Kontirola iyenera kukhala yoti ikhoza kuikidwa pa batire la lifiyamu, ndipo polumikiza mumayamba ndi batire, panelo pambuyo. Pa waya wochokera ku mbali ya + ya batire, pafupi penipeni ndi batirelo, payenera kukhala fyuzi, ndipo kwa ife ya maampeya 5, yolembedwa 5A, inakwanira chifukwa nyali zonse zitayaka pamodzi ndi mawati 11, amene pa mavoti 12 safika n'komwe pa 1A. Anthu amapeputsa mavoti 12 chifukwa sagwira munthu, koma mawaya awiri akakhudzana popanda fyuzi batire limatulutsa mphamvu yokwanira kusungunula pulasitiki ndi kuyatsa siling'i. Chachitatu n'chakuti mawaya a sola asakumane konse ndi mawaya a magetsi a nyumba. Mababu a 12V ambiri amafanana ndendende ndi a magetsi wamba ndipo amalowa m'holda imodzimodzi, koma mukalowetsa la 12V pa magetsi a 230V limapsa nthawi yomweyo. Ine ndinapaka kadontho ka utoto wofiira kumunsi kwa babu lililonse la 12V ndi pa holda yake, kuti ngakhale mwana kapena mlendo asasokoneze.

Tsopano ndifike pa mbali imene ndinaikonda koposa, yomwe ndi ya zotchingira. Nyali zasola zambiri zimabwera m'pulasitiki wonyezimira wa mitundu yolimba, ndipo zikaikidwa pabalaza zimaoneka ngati zida za kumunda. Ndinazindikira kuti babu ndi chotchingira chake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo popeza babu la LED la mawati awiri silitentha kwambiri, zinthu zimene sitikanayerekeza kuziika pafupi ndi kandulo kapena babu lakale zikhoza kukhala zotchingira. Ndinapita kwa bambo wina woluka malichero kumsika, n'kuwapempha kuti andilukire timadengu tiwiri ta nsungwi, totalika ngati masentimita 30, topanda pansi ndiponso totseguka pamwamba. Anandifunsa kuti: "Achimwene, dengu lopanda pansi muikamo chiyani?" Nditawafotokozera anandilangiza okha kuti aluke motalikitsa mizere chapakati ndi mothinana m'mphepete, kuti dengu lisapindike, ndipo malangizo awo anali olondola.

Usiku woyamba timadenguto tinandikhumudwitsa pang'ono. Babu linkaonekera m'mipata ya nsungwi ngati kadontho kothobwa m'maso, ndipo pakhoma panagwera mizeremizere yakuthwa yomwe inali yokongola kuiona kamodzi koma yotopetsa kukhala nayo maola asanu. Mkazi wanga ndi amene anapeza njira. Anadula nsalu yoyera yopyapyala n'kuisokera m'kati mwa dengu mozungulira, motalikirana ndi babu ngati zala zinayi, kusiya pamwamba ndi pansi potseguka kuti mpweya uzidutsa. Titayatsanso, dengu lonse linawala ngati chinthu chimodzi, nsungwi zikuoneka zofiirira pansalu yowalayo, ndipo kuwala kotulukira pamwamba kunagunda siling'i n'kubwerera m'chipinda mofewa. Limodzi tinaliika pakatebulo ka pangodya, kutalika kofanana ndi phewa la munthu wokhala pampando, linalo pashelefu ya pangodya yoyang'anana nayo. Tinayesanso kukuta ndi chitenje chokongola cha buluu ndi chofiira, koma nsalu ya mtundu wakuda imameza kuwala kochuluka, moti chipinda chinachita mdima ndipo nkhope zinasintha mtundu. Chitenje chimatheka pokhapokha chili cha mitundu yowala, yachikasu kapena yoyererako.

Kababu ka m'kakhonde ka m'kati ndinakabisa kuseri kwa lichero. Ndinakhomera lichero pakhoma ndi timatabwa tiwiri tolitalikitsa masentimita 8 kuchokera kukhoma, babu lili kuseri kwake, moti munthu saona babu koma mkombero wa kuwala wozungulira licherolo. Masana limangooneka ngati chokongoletsera chapakhoma, ndipo alendo ambiri sadziwa kuti ndi nyali mpaka madzulo. Pa nyali ya patebulo ndinagwiritsa ntchito chikho chachikulu chodulidwa pakati, chopakidwa utoto woyera m'kati kuti chizibweza kuwala konse pansi pakope, ndi kabowo kamodzi pamwamba kotulutsira kutentha. M'mphepete mwa chikhocho muyenera kutsika kupitirira babu, kuti mwana atakhala pampando asalione babulo mwachindunji, ndipo njira yoyesera ndi kukhala nokha pampando wa mwanayo, mutaweramitsa mutu kufika pa msinkhu wake. Zotchingira zonsezi ndi za mababu a LED a mawati ochepa okha, ndipo m'nyumba mwathu lamulo ndi lakuti kandulo isayandikire dengu lililonse.

Mawaya ndi amene amaipitsa ntchito zambiri za sola zimene ndaziona, chifukwa amangolendewera kuchokera kudenga ngati zingwe zoyanikapo zovala. Popeza eni nyumba sanalole kuboola makoma, ndinadutsitsa waya woyera m'munsi mwa khoma, pamene limakumana ndi simenti ya pansi, n'kumugwiritsa ndi timisomali tokhala ndi kapulasitiki kokowera, kamodzi pa masentimita 30 alionse kuti asalendewere, ndipo pokwera m'mwamba ndinatsata ngodya za chipinda ndi mafelemu a zitseko. Waya wonenepa 1.5mm² ndi wokwanira pa mphamvu yochepa chonchi, koma musagwiritse ntchito waya wopyapyala wa masipika pa mtunda wautali, chifukwa pa mavoti 12 mphamvu yotayika m'njira imaonekera, ndipo chizindikiro chake n'chakuti babu la kumapeto limawala mofooka kuposa loyandikira batire. Nyali iliyonse ndinaiikira kaswichi kake. Batire ndi kontirola zili m'munsi mwa kabati, momwe ndinaboolamo mabowo kumbuyo kuti muzipita mphepo.

Panelo ili padenga la khonde, yoyang'ana kumpoto chifukwa tili kumwera kwa ikweta ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, yopendekeka madigiri 15 mpaka 20, zomwe zimathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Sinagone pamalata penipeni, ndinaikweza masentimita 10, pakuti malata a mu Okutobala amatentha kwambiri ndipo panelo ikatentha mphamvu yake imatsika. Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa mmene anthu amaganizira. Timagawo ta m'panelo tinalumikizidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, choncho nthambi imodzi ya mango ikaphimba kagawo kamodzi kapena tiwiri, panelo yonse imafooka. Zinatichitikira m'chaka chachiwiri, pamene ndinaona kuti kontirola, yomwe kale inkaonetsa kuti batire ladzaza pofika 1 koloko masana, inkafika madzulo lisanadzaze. Nditakwera ndinapeza zinthu ziwiri, nthambi imene inakula ndi fumbi losakanikirana ndi zitosi za mbalame. Ndinadula nthambiyo, n'kutsuka galasi ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa lisanatenthe, ndipo kuyambira pamenepo m'chilimwe ndimalipukuta kamodzi pa masabata awiri alionse.

Tili ndi nyali imodzi yonyamula m'manja, yopitira kunja ndi kukhitchini ya panja, ndipo pa imeneyi ndinaphunzira kusankha yokhala ndi kapanelo kapadera ka waya wautali. Nyali imene panelo yake inamatidwa pamsana imafuna kuti yonse, ndi batire lomwe, ikhale padzuwa tsiku lonse, ndipo yathu yoyamba ya mtundu umenewu, yomwe tinkaiika pamalata, inatupa batire chaka chisanathe. Batire likatupa, kapena nyali ikamatentha modabwitsa potchaja, isiyeni kuigwiritsa ntchito ndipo musaiponye pamoto wa zinyalala. Pogula nyali yasola yathunthu ndi bwino kufunsa ngati inayesedwa ndi VeraSol, ndondomeko imene inalowa m'malo mwa ya Lighting Global poyesa ubwino wa zipangizo zazing'ono zasola, chifukwa nyali zimene zinadutsa pamenepo zimayenera kuchita zimene zinalembedwa pabokosi ndi kukhala ndi chitsimikizo cha wopanga. Kaya inayesedwa kapena ayi, tsiku loyamba itchajeni mpaka kudzaza, muiyatse pa mphamvu imene muziigwiritsa ntchito, muwerenge maola mpaka izime, n'kulemba nambalayo pansi pake pamodzi ndi deti. Pakatha chaka mukabwereza kuyesaku mudzadziwa mmene batire lakalambira, ndipo maola akatsika kufika theka ndiye kuti nthawi yosintha batire yakwana, pamene babu ndi zina zonse zikadali zabwino.

Kapichira anakonzedwa mu 2023 ndipo kuzima kwa magetsi kunachepa kwa kanthawi, koma nyali za m'madengu sitinazichotse, ndipo madzulo ambiri babu la kusiling'i silimayatsidwa ngakhale magetsi alipo. Mayi atabweranso anakhala nafe pabalaza mpaka usiku, akusenda mtedza pafupi ndi dengu la pangodya, ndipo tsiku lobwerera anandiuza kuti ndikawapezere dengu lina lotero ndi kababu kake, loti akaliike pa sola ya mchimwene wanga kumudzi. Bambo woluka uja anandilukira lachitatu, locheperako kuti likwane m'chikwama cha mayi pokwera minibasi.